Kulamula kapena kufotokoza: njira ziwiri zosinthira chithunzi ndi mawu

Mapulogalamu opanga zithunzi kuchokera ku mawu amalandira mawuwo m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya kulamula. Munthu amapereka chithunzi chimene ali nacho kale, n'kulemba chimene akufuna kuti chisinthe, mwachitsanzo kuti malaya ofiira akhale obiriwira. Yachiwiri ndi ya kufotokoza. Apa munthu satchula za kusintha ayi, koma amalemba mmene chithunzi chomalizacho chiyenera kuonekera: amene ali pa chithunzipo, chimene wavala, malo amene waima, ngakhale kumene kuwala kukuchokera. Poziona, njira ziwirizi zimakhala ngati n'chimodzimodzi, poti zonse ndi mawu olembedwa m'kabokosi. Komatu mawu amene amagwira bwino ntchito m'pulogalamu ina amakanika kotheratu m'pulogalamu inzake, ndipo gwero la kusiyanako ndi mmene pulogalamu iliyonse inaphunzitsidwira.

Mapulogalamu amene anaphunzira kufotokoza

Stable Diffusion, imene inatuluka mu Ogasiti 2022, inaphunzitsidwa ndi zithunzi zankhaninkhani zotoledwa pa intaneti ndi bungwe la LAION la ku Germany, chilichonse pamodzi ndi mawu amene anapezeka atalembedwa pambali pake. Mawu otere amanena chimene chili pa chithunzi, monga galu wakuda atagona pa udzu, kapena mayi atanyamula dengu pamsika. Palibe amene amalemba pansi pa chithunzi kuti "chotsani galuyu". Chotero pulogalamuyo inaphunzira kuti dzina la chinthu likatchulidwa, chinthucho chiyenera kuoneka. Mawu olamula ndi mawu okana sinawaphunzire mokwanira.

Apa ndi pamene pamachokera vuto limene ongoyamba kumene amakumana nalo kawirikawiri. Munthu akalemba `remove the hat`, pofuna kuti chipewa chichoke, pulogalamu ya mtundu umenewu imagwira mawu akuti chipewa n'kusiya mawu akuti chotsa. Zotsatira zake, chipewa chija chimakhalabe, mwinanso chimakula. Chimene chimathandiza ndi kulemba zimene ziyenera kuoneka chipewacho chitachoka, monga mutu wosavala kanthu wa tsitsi lalifupi lakuda. N'chifukwa chakenso opanga mapulogalamuwa anaika malo apadera olembamo zosafunika. Mu Stable Diffusion muli kabokosi ka `negative prompt`, ndipo mu Midjourney amalemba `--no` kenako dzina la chinthu chosafunikacho. Popeza mawu ambiri ophunzitsira anali a Chingerezi, zitsanzo za m'nkhani ino zalembedwa m'Chingerezi monga mmene zimalembedwera pa kompyuta.

Mapulogalamu otere amathanso kusintha chithunzi chimene chilipo kale, kudzera m'njira yotchedwa `img2img`. Pulogalamu imayamba yawononga chithunzicho pochithira timadontho tosokonekera, kenako imachiyeretsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi mawu amene yapatsidwa. Kuchuluka kwa timadonthoto amakusankha ndi munthu pa muyezo wa `denoising strength`, umene umayambira pa 0 kulekeza pa 1. Pa 0.3 chithunzi chimasintha pang'ono chabe: khungu limasalala, mitundu imasinthako, koma zonse zimakhala m'malo mwake. Pa 0.75 pamatsala kaimidwe ka munthu ndi kayalidwe ka mitundu, koma nkhope imakhala ya munthu wina. Pa 1 chithunzi choyamba chija chimakhala chatayika chonse.

Muyezo umenewu ukuonetsa malire a njira ya kufotokoza. Timadontho tija timathiridwa pa chithunzi chonse mofanana, pa malaya ndi pa nkhope pomwe. Kuti malaya ofiira asanduke obiriwira pamafunika muyezo wokwera, koma muyezo wokwera womwewo umafufutanso nkhope. Palibe nambala imene ingapulumutse zonse ziwiri. Ndiponso mawu ayenera kufotokoza chithunzi chonse, chifukwa chimene sichinatchulidwe pulogalamu imachiumba mmene yafunira ikamayeretsa.

Njira yozembera vutoli ndi kupaka ndi burashi malo okhawo oti asinthe, zimene pa kompyuta zimalembedwa kuti `inpainting`. Kunja kwa malo opakawo chithunzi chimasiyidwa mmene chilili. Koma m'kati mwake lamulo ndi lomwe lija: pamafunika kufotokoza, osati kulamula. Kampani ya Adobe itaika Generative Fill mu Photoshop mu 2023, inalangiza anthu kulemba dzina la chinthu ndi maonekedwe ake, n'kupewa mawu olamula. Wofuna malaya obiriwira amapaka malayawo n'kulemba `green cotton shirt` basi. Wofuna kuchotsa chinthu amachipaka n'kusiya kabokosi kopanda mawu, ndipo pulogalamu imadzaza malowo potengera zimene zazungulira.

Mapulogalamu amene anaphunzira kumvera

Kuti pulogalamu imve lamulo, iyenera kuphunzitsidwa ndi zinthu zitatu pamodzi: chithunzi chisanasinthe, lamulo, ndi chithunzi chitasintha. Zitsanzo zotere sizipezeka zambiri pa intaneti. Chakumapeto kwa 2022, Tim Brooks, Aleksander Holynski ndi Alexei Efros a pa yunivesite ya California ku Berkeley anazipanga okha. Anagwiritsa ntchito GPT-3 polemba malamulo ndi mawu ofotokoza chithunzi chitasintha, kenako Stable Diffusion inajambula zithunzi ziwiriziwiri zofanana m'zonse kupatula chinthu cholamulidwacho. Ndi zitsanzo zoposa 450,000 anaphunzitsa pulogalamu yotchedwa InstructPix2Pix. Chachikulu chimene inaphunzira si kusintha kokha ayi, komanso kusiya: chilichonse chimene lamulo silinatchule chiyenera kukhala mmene chinalili. Eni ake ananena poyera kuti inkavutika kuwerenga zinthu, kusuntha chinthu kuchoka mbali ina kupita ina, ndiponso kusintha mbali imene kamera ikuonera.

Apa pali msampha umene unasokoneza anthu ambiri. Si pulogalamu iliyonse yocheza nayo imene imasinthadi chithunzi. DALL·E 3 itaikidwa mu ChatGPT mu Okutobala 2023, munthu ankatha kulemba lamulo ngati akulankhula ndi wojambula, koma kuseri kunkachitika zina. Mbali yocheza ija inkatenga lamulolo, n'kulembanso mawu atsopano ofotokoza chithunzi chonse, n'kuwapereka kwa mbali yojambula, imene inkayambiranso pachiyambi osaona chithunzi chakale. Munthu ankapempha kuti asinthe nsapato zokha, koma ankalandira munthu wina, m'chipinda china, atavala nsapato zimene anapemphazo. Kutsogolo kunali kulamula, kuseri kunali kufotokoza.

Zinthu zinasintha mu 2025. Mu Malichi kampani ya OpenAI inaika mu ChatGPT njira yatsopano yojambulira ya GPT-4o, mu Meyi kampani ya Black Forest Labs ya ku Germany inatulutsa FLUX.1 Kontext, ndipo mu Ogasiti Google inatulutsa Gemini 2.5 Flash Image, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Nano Banana. Mapulogalamu amenewa amalandira chithunzi ndi mawu pamodzi, ndipo chithunzi chakalecho amachiona pamene akupanga chatsopano. Ndi mwa amenewa mmene kulamula kumagwiradi ntchito.

Diresi la telala

Chitsanzo chimodzi chingaonetse bwino kusiyanaku. Telala wasoka diresi la chitenje chachikasu cha mawanga akuda ozungulira, la kolala yoimirira ndi manja ofika m'chigongono. Waliveka chidole choonetserapo zovala n'kulijambula ndi foni pakhonde pa shopu. Diresi latuluka bwino, koma kumbuyo kuli khoma la njerwa losapaka pulasitala, ndipo chakumanzere kwaoneka ndowa yabuluu. Akufuna chithunzi chaudongo choti atumizire makasitomala.

Atasankha kufotokoza, angalembe motere, kutchula diresi lachikasu la mawanga akuda lili pa chidole, khoma loyera ndi kuwala kofewa kwa masana:

```
a yellow African print dress with black circles on a mannequin, plain white wall, soft daylight
```

Chithunzi chimene chingatuluke chikhoza kukhala chokongola kwambiri, koma diresilo silikhala lake. Mawanga akhoza kukula kapena kuchepa, kolala ikhoza kugona, manja akhoza kufupika. Ngakhale atawonjezera mawu ambiri, vutoli silitha, chifukwa mawu sangathe kunyamula maluwa a nsalu inayake mmene alili. Mawu akuti mawanga akuda amakwanira nsalu zikwizikwi zosiyana. Ndipotu Stable Diffusion yoyamba ija inkawerenga tizidutswa ta mawu 77 tokha pa nthawi imodzi, moti malo ofotokozera anali ochepa kale. Kwa wogulitsa iyi si nkhani yaing'ono, chifukwa kasitomala amene waitanitsa chimene waona pa chithunzi ayenera kulandira chomwecho. Paliponse pamene chinthu chenicheni chiyenera kukhalabe chomwecho, kaya ndi nkhope ya munthu, nsalu, nyumba kapena katundu wogulitsa, kufotokoza kokha sikukwanira. Chithunzi chakale chiyenera kulowa m'pulogalamu, ndipo mawu anene zosintha zokha.

Koma si lamulo lililonse limene limathandiza. Telala akalemba `make it look better`, kutanthauza kuti chioneke bwinoko, wasiyira pulogalamu ufulu wonse, ndipo ikhoza kukonza ngakhale diresi lomwe, kuwongola makwinya, kuwalitsa chikasu chija, kuchepetsa chiuno. Akalemba `remove the background`, wanena chochoka koma sananene cholowa m'malo mwake, ndiye pulogalamu imasankha yokha. Lamulo logwira mtima limakhala ndi zinthu zitatu: dzina lenileni la chinthu chosinthidwa ndi pamene chili, mmene malowo ayenera kuonekera pomaliza, ndi zimene siziyenera kukhudzidwa.

```
Replace the brick wall behind the mannequin with a plain white wall. Keep the dress, its print, the mannequin and the camera angle exactly the same.
```

Chiganizo choyamba chikuti khoma la njerwa la kumbuyo kwa chidole lilowedwe m'malo ndi khoma loyera losalala. Chachiwiri chikuti diresi, maluwa ake, chidole ndi mbali imene kamera ikuonera zikhale mmene zilili. Poyang'anitsitsa, m'kati mwa lamuloli muli kufotokoza kwakung'ono, kwa khoma loyera lija. Umu ndi mmene malamulo abwino amakhalira: amalamula pa chithunzi chonse koma amafotokoza pa malo osinthawo. Za ndowa nazonso n'chimodzimodzi. Sikokwanira kunena kuti ichoke, pamafunika kunenanso kuti simenti ya pansi ipitirire pamene ndowayo inali:

```
Remove the blue bucket on the left and continue the cement floor where it stood.
```

Kutchula kuti ndowa yabuluu ya kumanzere, m'malo mongoti "icho", kumathandiza pamene pa chithunzi pali zinthu zingapo zofanana. Malangizo a Black Forest Labs amanenanso zomwezo, kuti munthu kapena chinthu chitchulidwe ndi maonekedwe ake. Amalangizanso kuti posintha zolembedwa pa chithunzi, mawu akale ndi atsopano aikidwe m'zizindikiro zogwira mawu. Ngati pa diresi pamatidwa kapepala ka mtengo, lamulo lake lingakhale `Replace "K35,000" with "K40,000"`, ndipo kalembedwe ka zilembo kamatsatira kakale kaja.

Kuchoka pang'onopang'ono pa chithunzi choyamba

Vuto lalikulu la kulamula silioneka pa lamulo loyamba. Limabwera mwakachetechete pa lamulo lachinayi kapena lachisanu. Ngakhale munthu atapempha kusintha kakona kamodzi, mapulogalamu ambiri ocheza nawo amajambulanso chithunzi chonse, kungoti amayesetsa kutsanzira chakale pa malo osalamulidwa. Komanso ambiri sagwira chithunzi pa kukula kwake kwenikweni. Amayamba achipanikiza kuti chichepe, n'kugwirirapo ntchito, kenako n'kuchitambasulanso. Mu Stable Diffusion yoyamba, chithunzi cha timadontho 512 m'litali ndi 512 m'lifupi chinkapanikizidwa kufika pa 64 ndi 64. Pa ulendo uliwonse wotere tinthu ting'onoting'ono timatayika, ndipo pulogalamu imatibwezeretsa mongoganizira. Zili ngati kufotokopa pepala limene nalonso ndi fotokope: ulendo umodzi suoneka, koma pofika wachisanu zilembo zayamba kufufutika.

Pa diresi la telala, zoyamba kuwonongeka ndi zimene zimabwerezabwereza ndi zimene zili zazing'ono. Mawanga a pachifuwa amene anali asanu ndi awiri m'mzere akhoza kukhala asanu ndi limodzi. Pa msoko, pamene maluwa a nsalu anakumana mosalingana monga zimakhalira pa chovala chosokedwadi, pulogalamu ikhoza kuwalumikiza bwinobwino ngati nsaluyo sinadulidwepo. Mano a zipi amasungunuka kukhala mzere wosalala. Mtundu nawonso umatsetsereka, ndipo ogwiritsa ntchito GPT-4o ambiri anadandaula kuti zithunzi zinkanka zichita chikasu akamapitiriza kuzisintha. Pa chithunzi cha munthu, nkhope imasintha pang'onopang'ono mpaka achibale ake n'kuyamba kukayika ngati ali iyeyo.

Njira yodziwira ndi kuyerekeza chithunzi chatsopano ndi choyambirira, osati ndi chimene changotsogola kumene, chifukwa kusiyana kwa zithunzi ziwiri zotsatizana kumakhala kochepa kwambiri moti maso saona. Zithunzi ziwirizo zikulitsidwe pa malo amodzimodzi, monga kolala, mpendero, zala kapena zilembo, ndipo ziwerengedwe zinthu zowerengeka. Kuyang'ananso kukula kwa chithunzi n'kofunika, poti mapulogalamu ena amabweza chithunzi cha muyezo wawowawo, n'kudula m'mbali kapena kuwonjezera zimene panalibe.

Kutsetserekaku kukaoneka, kulamula kuti chibwerere mwakale sikuthandiza kwenikweni, chifukwa kumangowonjezera ulendo wina pa chithunzi chowonongeka kale. Chanzeru ndi kubwerera ku chithunzi cha pa foni chija, kuyamba macheza atsopano, ndi kuphatikiza malamulo amene aoneka kuti akugwira, la khoma ndi la ndowa, kuti zonse zichitike pa ulendo umodzi. Malamulo awiri kapena atatu osadalirana amatheka pamodzi. Akachuluka, pulogalamu imayamba kuiwala ena. Kuyamba macheza atsopano kuli ndi phindu linanso: pulogalamu yocheza nayo imakumbukira zonse zimene zanenedwa m'machezawo, moti ganizo limene linakanidwa kale, monga maluwa a m'mphika pambali pa chidole, likhoza kutulukiranso mosayembekezeka. Ndipo ngati diresi liyenera kukhala ndendende mmene kamera inalijambulira, njira yodalirika ndi kupaka khoma lokha ndi burashi m'pulogalamu imene imasiyadi zakunja kwa malo opakidwa, kapena kudula diresi pa chithunzi choyamba n'kulimata pa khoma latsopanolo ndi pulogalamu wamba yokonzera zithunzi.

Pamene kufotokoza kumapambana

Kulamula kumadalira kuti zambiri za pa chithunzi zikhala mmene zilili. Zosintha zikaposa zotsala, mphamvu yake imasanduka cholepheretsa, chifukwa pulogalamu imakakamira kayalidwe kakale. Telala uja akafuna chikwangwani cha shopu chokhala ndi makina osokera pakati, nsalu zopindidwa m'mbali ndi malo opanda kanthu pamwamba olembapo dzina, kuyambira pa chithunzi cha pakhonde chija n'kumalamula chimodzichimodzi kungamutayitse nthawi ndi bandulo. Palibe chinthu chenicheni chofunika kusunga, choncho ndime imodzi yofotokoza bwino, yotchula zinthu, malo ake, kuwala ndi muyezo wa chikwangwanicho, ndiyo njira yachidule. Ngakhale m'mapulogalamu ocheza nawo, chithunzi choyamba chimachokera ku kufotokoza, ndipo Google imalangiza ogwiritsa ntchito Gemini kufotokoza m'ziganizo zathunthu m'malo mondandalika mawu odukaduka.

Pali malamulo ena amene amaoneka aang'ono koma ndi aakulu. Kulamula kuti diresi lioneke chakumbuyo ndi kupempha chinthu chimene sichili pa chithunzi. Pulogalamu idzamvera ndithu, koma msana wa diresilo idzaupeka, ndipo ikhoza kuika mabatani pamene telala anaika zipi. Mankhwala ake si mawu abwino, koma kujambula chithunzi china ndi foni. Kusuntha chinthu ndi kuwerenga, zimene zinkavuta InstructPix2Pix, zakonzekako m'mapulogalamu atsopano koma zimalakwikabe nthawi zina: chinthu chosunthidwa chimaoneka pawiri, kapena chithunzithunzi chake chimatsala pa malo akale.

Pakati pa njira ziwirizi pali yachitatu, imene mapulogalamu a 2025 anaipeputsa. Munthu amapereka chithunzi ngati chitsanzo cha chinthu chimodzi chokha, n'kufotokoza malo onse atsopano. Telala angapereke diresi lake n'kulemba kuti likhale pa chidole m'chipinda chowala cha mawindo aakulu ndi pansi pa matabwa. Diresi likuchokera ku chithunzi, chipinda chikuchokera ku mawu. Apa diresilo limajambulidwanso lonse kuti ligwirizane ndi kuwala kwatsopano, kotero kuwerenga mawanga ndi kuyang'ana misoko kumafunika kuposa kale.

Kudziwa mtundu wa pulogalamu

Maonekedwe a pulogalamu amapereka chizindikiro choyamba. Pamene pali kabokosi ka `negative prompt`, muyezo wa `denoising strength` kapena burashi yopakira, nthawi zambiri pamafunika kufotokoza. Pamene pali malo ochezera ndi batani lotumizira chithunzi, kulamula kukhoza kutheka, koma nkhani ya DALL·E 3 ija ikuonetsa kuti maonekedwe okha sangadaliridwe. Mapulogalamu ambiri a pa foni sanena n'komwe makina amene akugwira ntchito kuseri, ndipo makinawo amasinthidwa nthawi ndi nthawi dzina la pulogalamu lili lomwelo.

Kuyesa kwachidule kumathetsa chikayiko. Munthu amatenga chithunzi chokhala ndi tinthu tambiri kumbuyo, n'kupereka lamulo limodzi laling'ono losavuta kuona, monga kusintha mtundu wa kapu imodzi pa tebulo. Kenako sayang'ana kapuyo, koma ngodya za chithunzi ndi zinthu zimene sanatchule. Ngati kapu yasintha ndipo zina zonse zili m'malo mwake, pulogalamuyo imaona chithunzi ndipo imamva lamulo. Ngati kapu yasintha koma tebulo ndi chipinda zakhala zina, pulogalamuyo ikujambula mwatsopano kuchokera ku mawu, ndiye iyenera kupatsidwa kufotokoza kwathunthu. Ngati kapu sinasinthe, kapena makapu achuluka, pulogalamuyo yagwira dzina la kapu lokha, ndipo pamenepo pafunika kupaka kapuyo ndi burashi n'kulemba mtundu wofunikawo.